Chithunzi Chodulidwa Mutu

Basi ya ku Blantyre inafika pa Dedza dzuwa litapendeka, ndipo Kalisto Kamtengo anatsika miyendo itauma gwa ndi chisanu cha mwezi wa Julaye. Anali atatha miyezi itatu ku maphunziro a aphunzitsi kummwera, ndipo miyezi yonseyo sanalandire ngakhale kalata imodzi yochokera kwa Elena. Sanadandaule, poti anachita kugwirizana. Elena anali tsidya la malire, ku Angoniya, ndipo m'chaka cha 1972 chimenecho asilikali a Chipwitikizi ankang'amba envulopu iliyonse yolowera ku Malawi. Mtsikana wolembalemba makalata ankatha kufunsidwa mafunso amene alibe mayankho.

Chimene Elena anapitira kwawoko chinali chimodzi. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anamukwatitsa mu tchalitchi cha mishoni ya Kaphale kwa mnyamata wotchedwa Vinsenti Petulo. Patangotha miyezi iwiri Vinsenti anapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Halale, ndipo sanabwerenso. Mnzake wina anabwerako ndi chipewa chake n'kunena kuti anamwalira ndi chibayo, anamuika pafamu pomwepo. Abale analira maliro, anameta, Elena anasamukira ku Bembeke kwa azakhali ake n'kuyamba kusoka kwa Asisitere. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa. Koma mpingo sukwatitsa mkazi wamasiye chifukwa cha chipewa. Pepala la imfa panalibe, ndipo popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi a ku Tete, Elena anali akadali mkazi wa mwini.

Amalume a Kalisto, a Bartholomew, amene anali katekisiti, ananena mawu awo kamodzi kokha: "Undionetse pepala, ndikhala nkhoswe. Popanda pepala usanditchule." Iwo mtima wawo unali pa Rozina, mwana wa mnzawo wa mu kwaya, mtsikana wosakwatiwapo, wogulitsa mu golosale pafupi ndi pokwerera basi.

Ndipo anali Rozina yemweyo amene anamuitana pakhonde la golosaleyo, Kalisto akubweza khadi la chipani m'thumba atawaonetsa anyamata a malaya ofiira.

"Aphunzitsi! Mukudutsa ngati simutidziwa? Blantyre wakusinthani."

"Pepani, Rozina, chisanu chandizunguza mutu. Kaya kuno mwatsala bwanji?"

"Tatsala bwino. Muli ndi katundu wanu kuno. Wakhala masabata awiri."

Analowa, n'kutuluka ndi kanthu kokulungidwa m'pepala la shuga. Anati amene anakasiya ndi bambo wina wogulitsa mbatata ya kachewere wochokera tsidya, amene anakabisa m'chipewa podutsa malire.

"Ananenapo mawu ena?" anafunsa Kalisto.

Rozina anayang'ana sikelo, n'kupukuta fumbi limene panalibe. "Anangoti n'kochokera kwa mayi uja. Ine za eni sindifunsa."

* * *

Kanali kachithunzi kakang'ono, kokwana m'chikhatho. Kalisto ankayembekezera nkhope, koma anapeza pepala. Munthu anajambula chidziwitso chotayipa chimene chinali m'bokosi lagalasi pachitseko cha tchalitchi. Kumanzere kunkaoneka zala zitatu zitagwira thabwa la bokosilo, ndipo zalazo anazidziwa, chifukwa chala chapakati chinali ndi chipsera cha singano ya makina.

Wojambulayo anayandikira kwambiri kuti zilembo zioneke. Kamera zazing'ono za nthawi imeneyo zinali ndi diso losuzumira pamwamba ndi diso lojambula m'munsi, ndiye munthu akayandikira, chimene waona si chimene chatuluka: cham'mwamba chimadulidwa. Apa chimene chinadulidwa chinali mutu wa chidziwitsocho pamodzi ndi mzere woyamba. Komanso dzuwa linawala pagalasi n'kusiya banga loyera lopingasa, limene linameza mawu apakati m'mizere itatu.

Kalisto anakaima potulukira kuwala n'kuyamba kuwerenga. Chipwitikizi sankachidziwa, koma anali mphunzitsi, wodziwa Chingerezi, wotumikira Misa ya Chilatini kuyambira ali mwana, ndipo munthu wotere savomera msanga kuti pepala lamukanika. Mayina awiri anali m'zilembo zazikulu: la Vinsenti, ndi la Elena m'munsi mwake. Pakati pa mayinawo panali mawu akuti matrimónio, amene ngakhale mwana wa Sitandade 5 akanawazindikira kuti ndi ukwati. M'munsi munali tsiku: 19 de Agosto. Anatulutsa kakalendala kam'thumba. Linali Loweruka.

Mayina awiri, ukwati, tsiku Loweruka, pachitseko cha tchalitchi. Kalisto anakula akuona mapepala otere ku Bembeke, olengeza maukwati.

"Mwatumbuluka bwanji, aphunzitsi? Nkhani yabwino?" anatero Rozina.

"Sindikumva bwino. N'Chipwitikizi."

"Aa, si a Gerevazio ali kuseriku? Zaka khumi ndi ziwiri ku Beira. Amalankhula ngati mzungu weniweni."

* * *

A Gerevazio ankaphika tiyi m'kanyumba kuseri kwa msika. Zoti anakhala ku Beira zinali zoona. Ankanyamula matumba padoko, ndipo Chipwitikizi chawo chinali cha padoko: kweza, tsitsa, fulumira, mawa, ndi matukwano okwanira kudzaza sitima. Ankachilankhula mokweza ndi mothamanga, ndipo pa Dedza panalibe wowatsutsa. Koma chilankhulo cha m'maofesi a ansembe, cholembedwa pa makina, anali asanakumanepo nacho. Zimenezi sanauzepo munthu, mwinanso iwo eni sanadziuzepo.

Anapukuta manja, anavala magalasi omangidwa ndi ulusi, n'kulandira chithunzicho ngati dokotala.

"Ichi n'chophweka, mwana wanga. Khala pansi."

Chala chawo chinayenda pamzere woyamba wooneka, milomo ikugwedera. Mawu aataliatali anawadumpha ngati munthu wodumpha zithaphwi. Atafika pa dzina anaima.

"Visente. Ameneyu ndi mwamuna. Uyu Elena ndi mkazi. Matirimonyo, ukwati. Igireja, tchalitchi. Waona? Zonse zili poyera."

"Nanga apa pali banga loyerapa?"

"Apo ndi moni chabe. Apwitikizi amachulukitsa moni."

"Nanga mawu awa, ausente em parte incerta?"

A Gerevazio anakhosomola. "Amenewo ndi mawu a ulemu. Ngati kunena kuti wolemekezeka." Chala chinatsika msanga, chinadutsa m'mphepete mwa banga, n'kukaima pa mawu awiri amene anawadziwa bwino, ndipo nkhope yawo inawala ngati munthu wakumana ndi mbale wake kuchilendo. "Eya! Ainda vive. Akadali moyo! Visente akadali moyo. Apa akuti deve, ndiye kuti ayenera. Ayenera kufika. Dia, tsiku, naintini Ogasiti."

"Ayenera kufika ndani?"

"Mwini wakeyo. Ndani winanso? Tamvera ndikuuze chonse." Anavula magalasi, n'kuyang'ana kudenga, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo chinali chosalala kuposa chilichonse chimene chinali papepalapo. "Tikudziwitsa akhristu onse kuti wolemekezeka Visente akadali moyo, ndipo adzafika pa tchalitchi pano tsiku la naintini Ogasiti kudzamanga ukwati ndi Elena."

"Komatu anthuwa anakwatirana kale, bambo. Mwamunayo anasowa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo."

"Ndiye zagwirizanatu! Wapezeka. Kumeneko mwamuna akabwerako ku ulendo wautali, ansembe amadalitsanso ukwati. Ndinazionapo ndi maso angawa."

Sanazionepo. Koma Kalisto ndiye anali atawapatsa yekha chidutswa chimene chinkasowa, iwo n'kungochilowetsa pamalo pake. Anafunsa komaliza:

"Mwatsimikiza, bambo?"

"Zaka khumi ndi ziwiri, mwana wanga. Imwa tiyi."

Rozina, amene anatsatira n'kuima pakhomo, anapukusa mutu mwachifundo. "Abale, bola akanalemba kalata. Koma kutumiza chithunzi, ngati akuitanira munthu ku phwando! Pepani, aphunzitsi."

Kalisto sanamwe tiyi uja. Anamangirira sutikesi panjinga yobwereka, n'kuyamba ulendo wa ku Bembeke, mphepo ya kuphiri ikumukwapula kumaso. Anamva chisoni mpaka pa mlatho woyamba. Kuchokera pamenepo unali mkwiyo wokhawokha.

* * *

M'mawa mwake anapeza amalume ake akuwothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, atafunda chikhoti cha asilikali chimene anabwera nacho ku nkhondo. Anawafotokozera zonse. A Bartholomew anachitembenuza chithunzicho kawiri, n'kuchiyang'ana kumbuyo kumene kunalibe kanthu.

"Wakumasulira ndani?"

"A Gerevazio a pamsika."

"Wa tiyi uja?" Anamubwezera chithunzicho. Ankamukana Elena, koma sanali munthu wabodza. "Mphwanga, pepala la mpingo limawerengedwa ku mpingo. Abambo athu kuno amadziwa Chilatini ndi Chifalansa, ichi sichingawakanike. Tiye tikawaonetse ikatha Misa."

"Kuti parishi yonse imve kuti mphunzitsi Kamtengo amafunsira mkazi wamwini, mwini wake wabwera? Ayi, amalume. Ndawerenga ndekha, ndipo wina wawerenganso. Mboni ziwiri."

"Mboni ziwiri zosaona," anatero a Bartholomew. Koma sanaumirire, chifukwa nkhaniyo inali kupita kumene iwo ankafuna. Munthu sathamangitsa mbuzi imene ikulowa yokha m'khola. "Chabwino. Ndiye utani?"

"Ndinalembera Abambo a ku Kaphale ndisanapite, kupempha kuti amuthandize Elena. Ndiwalemberanso. Ndichotsa dzina langa."

Analembadi masana omwewo, pa tebulo la kusukulu, ndi zilembo zake zokongola zopendekera kumanja. Abambo a ku Kaphale ankamva Chinyanja bwino, choncho analemba m'chilankhulo chake. Kunyada kunamuletsa kulemba kuti anamva kuchokera pa chithunzi. Sanafune kuti Elena adziwe kuti muvi wake walasa. Anafuna aoneke ngati munthu amene ankadziwa kale, wokhala ndi makutu m'mayiko ambiri. Ndiye analemba motere:

"Abambo olemekezeka, ndikudziwitsani kuti pa ulendo wanga wa kummwera ndamva kuchokera kwa munthu wodalirika, amene wakhala kunja zaka zambiri, kuti a Vinsenti Petulo ali moyo. Pachifukwa ichi pempho langa lija ndalichotsa. Sindifuna kupasula chimene Mulungu anamanga. Ine mwana wanu, K. Kamtengo, mphunzitsi."

Anaiwerenga katatu ndipo inamukomera. Lachiwiri anakaipereka kwa amalonda a kachewere, ndipo popeza inali yolembera wansembe, inadutsa malire popanda woing'amba.

* * *

Masabata otsatirawo Rozina anayamba kupezeka ku Bembeke Lamulungu lililonse, ati kwaya ya kuno ndiyo imaimba bwino. Ankafika ndi buledi wa ku boma wokulunga m'nsalu, n'kukasiya kwa akazi a a Bartholomew. Tsiku lina anamupeza Kalisto panjira ya kumanda, pansi pa mitengo ya paini.

"Mwaonda, aphunzitsi. Mukudya koma?"

"Ndikudya."

"Mukunama. Kolala ya malaya yakukulirani." Anayenda naye pang'ono. "Ine sindidziwa kusoka ngati ena, koma sindinalumbirepo paguwa ndi munthu. Buku langa n'loyera, mukhoza kukafunsa."

"Rozina, bala likadali laliwisi."

"Ndikudziwa. Ine sindithamanga. Golosale imatseka faifi koloko tsiku lililonse."

Kalisto sanamukonde, koma kusamalidwa kumakoma pamene wanyozedwa. Loweruka la pa 19 Ogasiti anadzuka m'mamawa n'kukalima dimba la kabichi la amalume ake mpaka manja anatuluka matuza, akuona m'maganizo Elena atavala zoyera pambali pa munthu amene nkhope yake sankaidziwa. Madzulo a tsiku lomwelo a Bartholomew anamufunsa ngati angakagogode kwa makolo a Rozina. Iye anayankha kuti, "Chitani zimene mukuona, amalume." Kwa nkhoswe mawu amenewo ndi chilolezo chokwanira. Lachinayi lotsatira anapita, ndipo analandiridwa bwino.

* * *

Elena anafika Lolemba, chakumasana. Kalisto anali pakhonde la nyumba yake ya kusukulu akusita malaya, ndipo anamuona akubwera m'njira ya pakati pa minda, mapazi ali mbuu ndi fumbi la masiku awiri. Kumbuyo kwake kunali munthu wina wofunda nsalu, amene anakhala pansi patsinde pa mtengo wa pichesi, chapatali, osayandikira.

Kalisto anaika simbi pamwala. Nkhope anaiumitsa.

"Takulandirani, mayi Petulo. Ukwati unayenda bwino?"

Elena sanakhale pampando umene anamulozera. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"A Kalisto, chithunzi chija chili kuti?"

"Mukuchifunanso? Ndimati munandipatsa kuti ndisunge."

"Katengeni."

Mawu ake anali otsika kwambiri moti Kalisto anapita kukachitenga m'buku la nyimbo. Elena anachilandira n'kuchiyang'anitsitsa, ndipo aka kanali koyamba kuchiona bwinobwino, chifukwa wojambula anachipereka tsiku limene wamalonda ankanyamuka, iye n'kungochikulunga. Anaona mutu wodulidwa. Anaona banga. Anatseka maso pang'ono.

"Munapita nacho kwa Abambo a kuno?"

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndi mawu amene ndinatuma. Ndinamuuza bambo uja kawiri, iye n'kubwereza pamaso panga: akapite nacho kwa Abambo a ku Bembeke akawawerengere. Ndakumana naye dzana. Akuti anauza mtsikana wa mu golosale."

Kalisto anakumbukira Rozina akupukuta pa sikelo fumbi limene panalibe.

"Anakuwerengerani ndani?"

"Ndinawerenga ndekha. Kenako a Gerevazio, amene anakhala ku Beira."

"Ndipo anati chiyani?"

Anamuuza. Elena sanaseke ndipo sanalire. Anamasula mfundo ya mpango wake n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi, lokhala ndi mabowo a misomali m'makona. Linali chidziwitso chenichenicho, chimene Abambo anachichotsa pachitseko nthawi yake itatha. Anachiyala pa thabwa lositirapo, chithunzi n'kuchiika pambali pake.

"Ine ndinaphunzira zaka zinayi kwa Asisitere a kwathu, m'Chipwitikizi. Tsatirani chala changa, aphunzitsi. Apa pamwamba, pamene panadulidwa, akuti chidziwitso cha bwalo la mpingo. Mzere woyamba, umenenso mulibe, akuti: tikudziwitsa kuti pa mishoni pano tatsegula mlandu wofufuza imfa. Imfa, a Kalisto. Ya ndani? Ya Vinsenti Petulo. Awa amene munauzidwa kuti ndi mawu a ulemu akuti: amene anasowa ndipo sadziwika kumene ali. Apa pali banga akutchula chaka chimene anachoka, ndi chaka chimene anamanga ukwati ndi ine m'tchalitchi chino. Ukwati wakalekale uja, osati wina."

Chala chokhala ndi chipsera chinatsika mzere wina.

"Apa, theka lili m'banga. Akuti: aliyense amene akudziwa kapena anamvapo kuti Vinsenti akadali moyo, ayenera kufika kapena kulembera mishoni ino lisanadutse tsiku la 19 Ogasiti. Woyenera kufika ndi mboni, si mkwati. Ndipo mzere wotsirizawu, umene ukuoneka bwinobwino ngakhale pachithunzipa, munauwerenga?"

"A Gerevazio anati ndi madalitso otsekera."

"Akuti: popanda wofika, tidzatumiza mapepala kwa Ambuye Episkopi kuti mkaziyu amasulidwe."

Makala a mu simbi anathetheka. Kalisto anayang'ana mapepala awiriwo, lalikulu ndi laling'ono, ndipo anaona mawu onse amene chala cha a Gerevazio chinadumpha. Anali ambiri kuposa amene chinaimapo. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu, koma pansi pa manyaziwo panatumphuka chimwemwe chachikulu, chopusa.

"Ndiye kuti sanabwere! Elena, ndiye kuti ndinu mfulu! Tsikulo ladutsa!"

"Ladutsa."

"Pepani, pepani ndithu. Ndinachita ngati mwana. Ndipita kwa amalume lero lomwe, za kwa Rozina zija ndikazi..." Anadziluma lilime.

"Za kwa Rozina ndazimva kale pachitsime, ndisanafike n'komwe pano," anatero Elena. "Zimenezo n'zanu, mudzazimasula nokha mmene munazimangira. Ine ndabwerera zina."

* * *

Anakhala pansi tsopano, pamphepete pa khonde, n'kuyamba kulankhula ngati munthu wowerenga mndandanda wa nsalu.

"Mukudziwa chimene ndinachita miyezi inayi imeneyi? Mnzake wa Vinsenti uja, wa chipewa, ndinamupeza ku midzi ya kumapiri, masiku atatu pansi, m'njira za asilikali. Anakana kawiri, kachitatu anabwera n'kudzalumbira pa Baibulo kuti anakumba nawo manda. Koma mboni imodzi siikwana. Anafunika abale, kuti anene kuti zaka zonsezi sanalandire kalata kapena uthenga. Apongozi anga ankakana. Kulumbira kuti mwana wako anafa, pamene mtembo sunauone, n'kumuika m'manda ndi manja ako. Ndinawalimira, ndinawatungira madzi, ndinagona pakhomo pawo mwezi wathunthu. Potsiriza anadinda chala. Anandiuza kuti, pita mwana wanga, ukakwatiwe, wadikira mokwanira."

"Elena..."

"Chidziwitso chinakhala pachitseko masabata asanu ndi limodzi. M'dziko lonse la Angoniya simunapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wonena kuti Vinsenti ali moyo. Panafika kalata imodzi yokha."

Anatulutsa envulopu ina n'kuiika pa bondo la Kalisto. Inali yochokera kwa Abambo a ku Kaphale, m'Chinyanja chowongoka cha mzungu. Kalisto anaiwerenga. Abambo ankamuthokoza chifukwa cha chikhristu chake, poti anaulula choona ngakhale chinali chomupweteka iye mwini. Ankati umboni wa munthu amene akutaya mkazi pounena ndi wolemera kuposa wina uliwonse. Mlandu auimitsa, kalata yake aitumiza ku Tete pamodzi ndi mapepala ena onse, ndipo akumupempha afike adzalumbire, atchule dzina la munthu wodalirikayo ndi malo amene Vinsenti anaonedwa.

"Ndikalemba ina," anatero Kalisto mofulumira. "Ndikawauza kuti ndinalakwitsa. Ndipita ndekha, ndikalumbira."

"Mukalumbira. Ndipo ku Tete adzaika makalata awiri patebulo. Yoyamba, ya munthu amene analibe chopindula. Yachiwiri, ya munthu yemweyo atakumana ndi mkazi amene akumufuna, akuti iyayi, ndinanama, zinali za wophika tiyi. Inuyo mutakhala Ambuye Episkopi mungakhulupirire iti?"

Kalisto anabweza kalatayo mu envulopu.

"Abambo akuti zikhoza kutenga chaka, kapena zaka zitatu, chifukwa tsopano ayenera kulembera ku Halale, ndipo nkhondo yatseka njira. Zimenezo ndikhoza kupirira, ndinazolowera. Chimene chikundiwawa n'chakuti munaona zala zanga pachithunzipo, n'kukhulupirira kuti ndingakutumizireni chipongwe chotere. Simunayende ngakhale mtunda wa kuchokera pano kukafika ku nyumba ya ansembe apo."

Apa ndi pamene mawu ake anasweka, ndipo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kalisto anafuna kumugwira dzanja, iye n'kulibweza.

"Musandigwire. Sindinabwere ndekha."

Kalisto anatembenukira ku mtengo wa pichesi. Munthu wofunda nsalu uja anali ataimirira, ndipo ankabwera pang'onopang'ono, akutsimphina. Anali mayi wachikulire, wamng'ono thupi, mapazi atatupa, atanyamula kamtolo kumutu.

"Abambo anayenera kuwauza za kalata yanu, poti anadinda chala," Elena ananong'ona. "Chiwauzireni sanagone. Ndawauza njira yonse kuti mwina pali cholakwika, koma sakundimva. Akuti mphunzitsi sanganame. M'kamtolomo muli ufa ndi nyemba zoti mukamupatsire mwana wawo."

Mayiwo anafika pakhonde, anatula kamtolo, n'kugwada pansi pafumbi pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo. Anaomba m'manja katatu, nkhope yonse ikumwetulira, misozi ikutsika.

"Ndinu aphunzitsi a Kamtengo? Mulungu akudalitseni, bambo. Ine ndine mayi wake wa Vinsenti. Tandiuzani, mwana wanga ali kuti?"